Kaisha yanga yaperewera 27,500 MT, lipoti akulifuna mawa m'mawa

Nangozo wa ku Ulongwe: Madzulo abwino nonse. Ndabwera ndi vuto, makamaka kwa inu amene munagwirapo ntchito pa kaisha, pa windo lolandirira ndi kupereka ndalama ku banki. Ndangotha miyezi isanu ndi iwiri ndili pa banki ina kuno ku Ulongwe, dzina lake sinditchula. Lero potseka, ndalama zaperewera ndi 27,500 MT. Ndawerenga katatu ndi manja, atezoreru, amene amasunga ndalama za ku sefa, abwerezanso pa makina, koma ndi zomwezo. Tachoka ku ntchito kutada kale. Ajerenti, abwana a nthambi yathu, akuti 8 koloko mawa isanakwane, lipoti likhale lili pa tebulo pawo. Sindinalembepo lipoti lotere. Zimene ndalemba pa Chipwitikizi tanthauzo lake ndi ili: ndikupepesa kuti ndataya ndalama za banki, ndikuganiza kuti kasitomala wina anandisokoneza nthawi imene netiweki inagwa, ndipo ndikuvomera kubweza. Kodi ndipereke choncho? Mtima suli m'malo, ngakhale nsima yandikanika.

Make Tadala: Pepani asisi. Ndalama zimenezo ndi zambiri zedi. Khazikani mtima pansi, alipo akuluakulu pano akuthandizani.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Mwana wanga, pepala limenelo usapereke. Ndagwira pa kaisha zaka khumi ndi chimodzi, kenako ndinali tezoreru mpaka kupuma, ndiye malipoti otere ndawerenga ambiri. M'mizere itatu yako muli zinthu ziwiri zimene iwe mwini sukuzidziwa. Walemba kuti wataya ndalama. Wadziwa bwanji kuti zatayika? Chimene ukudziwa n'chakuti ndalama za m'dirowa sizikugwirizana ndi nambala ya pa kompyuta. Mwina zatulukadi, mwinanso sizinalowe n'komwe ndipo nambalayo ndi imene yalakwika. Walembanso kuti kasitomala anakusokoneza. Uti? Nthawi yanji? Akakufunsa mawa ulibe yankho, ndipo amene akuwerenga ayamba kuganiza kuti ukufuna kukankhira mlandu kwa wina. Tandiuza kaye mmene tsiku layendera m'manambala. Mayina a makasitomala ndi nambala za akaunti usalembe pano, zithunzi za masilipi usatumizenso. Chinsinsi cha banki chikatuluka ndi mlandu wina woposa umenewu.

Nangozo wa ku Ulongwe: Zikomo bambo. M'mawa ndinatsegula ndi 150,000 imene inagona m'bokosi langa. Kwa atezoreru ndinalandira 400,000. Zosungitsa za makasitomala kompyuta ikuti 812,300, zotapa 655,800. Cha m'ma 1 koloko ndinabweza 500,000 ku sefa chifukwa zinachuluka m'dirowa. Ndiye potseka pamayenera kukhala 206,500, koma ndapeza 179,000.

Mphunzitsi wa ku Domwe: Ndawerengera ndipo masamuwo ali bwino, 206,500 kuchotsa 179,000 ndi 27,500. Ife ku sukulu ya zowerengera ndalama anatiphunzitsa kuti kusiyana kukagawika ndi 9, ndiye kuti mwina munthu watembenuza manambala polemba, monga 54 m'malo mwa 45. Ndayesa 27,500 kugawa ndi 9, sizikutheka, pakutsala zotsala. Ndiye achemwali, ili si vuto lolemba. Ndalamazo zatuluka ndi munthu.

Che Wa Kachewere ku Tsangano: Ine ndinene zimene ena akuopa kunena. Chitaka chilipo. Ife pa msika timaika kakala kapena singano m'chikwama cha ndalama, ndipo ndalama ya munthu wachilendo sitiisakaniza ndi zinzake mpaka madzulo. Mlamu wanga anagulitsa matumba khumi ndi awiri pa Biriwiri, pofika kunyumba theka la ndalama kulibe, thumba lili chimangire. Inu a ku banki mumalandira ndalama za aliyense, mudziwa bwanji?

Make Tadala: Achimwene, ngakhale zikhale choncho, mu lipoti la ku banki munthu sangalembe chitaka. Tiyeni tiwathandize pa zimene angalembe.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Aphunzitsi mwanena zoona theka. Lamulo la 9 limagwira ngati cholakwa chili chimodzi. Tsiku lotanganidwa zolakwa zimatha kukhala ziwiri, china chachikulu china chaching'ono, ndipo zikaphatikizana nambala imabisala. Ine ndikaona kusiyana kothera ndi 500 kapena 1,000, ndimachotsa kaye pepala limodzi n'kuyesanso. Chotsani 500 pa 27,500. Yatsala 27,000. Gawani ndi 9, mupeza 3,000 yosatsala kanthu. Sindikuti ndi zimenezo ndithu, koma ndi njira yoyamba kuitsata. Atatu amenewo akutiuza kuti ngati manambala anatembenuka, ndi awiri oyandikana osiyana ndi 3, pa malo a masauzande: 14 ndi 41, 25 ndi 52, 36 ndi 63, 47 ndi 74, 58 ndi 85, 69 ndi 96. Ndipo popeza ndalama zaperewera, osati kutsala, ufufuze chosungitsa chimene unalemba chachikulu kuposa chimene unalandira, kapena chotapa chimene unalemba chaching'ono kuposa chimene unapereka.

Pali mayeso ena awiri achangu. Yang'ana ngati lero panali kasitomala wosungitsa 27,500 yeniyeni, chifukwa netiweki ikagwa munthu amadina kawiri ndipo chosungitsa chimodzi chimalowa kawiri. Yang'ananso theka lake, 13,750. Munthu akatapa ndalama iwe n'kulemba ngati wasungitsa, kusiyana kumakhala kuwirikiza kawiri ndalamazo.

Nangozo wa ku Ulongwe: 27,500 kapena 13,750 panalibe, zimenezo atezoreru anayang'ana pa mndandanda wa tsiku. Masilipi tinawaonanso onse.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Munawaona bwanji? Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Pa silipi pamakhala zolemba ziwiri, za dzanja la kasitomala ndi zimene makina adinda. Ukayerekeza zodinda ndi mndandanda wa pa kompyuta, zigwirizana nthawi zonse, chifukwa zonse zachokera pa zala zako zomwezo. Uyenera kuyerekeza dzanja la kasitomala ndi mndandanda. Mmodzi aziwerenga mokweza zimene kasitomala analemba, manambala ndi mawu omwe, winayo azichonga pa mndandanda ndi cholembera.

Nangozo wa ku Ulongwe: Ee bambo, tinayang'ana zodindazo. Tinali titatopa, ndipo masilipi anali oposa zana. Lero kunali anthu, aphunzitsi alandira, ndiye amalonda a kachewere nawonso anabwera ndi ndalama za m'matumba, zakuda, zina zonyowa, makina amangozikana.

Mnyamata wa pa Zobwe: Asisi, ine ndili ndi kabenchi kotumizira ndalama pa foni pa boda pano. Ikandipeza shoti ndimangotenga m'thumba n'kuikapo, nkhani yatha, abwana sadziwa n'komwe. Bwanji osabwereka kwa abale usiku uno, mawa m'mawa n'kunena kuti mwazipeza zinagwera kuseri kwa dirowa? Ntchito ndi yovuta kupeza masiku ano.

Naphiri wa ku Furankungu: Ayi achimwene, chonde musawaphunzitse zimenezo. Ine ndinaona ndi maso anga. Mnzanga amene tinkakhala naye kaisha yoyandikana anapeza kuti zaperewera ndi 2,000, anaopa kunena, analemba pa pepala lotsekera ngati zonse zili bwino kuti mwezi ukatha aikepo. Patapita masiku anayi kunabwera owerengera mwadzidzidzi, anatsegula bokosi lake m'mawa tisanayambe ntchito. Sanamuchotse chifukwa cha 2,000, anamuchotsa chifukwa anasayina pepala labodza masiku anayi otsatizana. Anali mayi wa ana atatu, wosaba n'komwe. Mpaka lero zimandipweteka. Komanso kwa asisiwa ajerenti ndi atezoreru awerenga kale, kuseri kwa dirowa anayang'anako. Ndalama zikatulukira mawa mwadzidzidzi, funso likhala lakuti zinagona kuti.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Naphiri wanena zonse. Kabenchi ndi kako mnyamata, ndalama ya m'thumba ndi ya pa benchi mwini wake ndi mmodzi. Ku banki ndalama yako siloledwa kufika pa kaisha n'komwe, n'chifukwa chake zikwama zimatsala ku loka. Ndipo taganiza, ataikapo 27,500 yobwereka, kenako cholakwa n'kupezeka pa silipi n'kukonzedwa, kaisha ikhala ndi ndalama zotsala. Zotsala zimafunanso lipoti, ndipo limenelo ndi lovuta kulifotokoza kuposa ili.

Tsopano za lipotilo, Nangozo. Lemba ngati ukufotokozera munthu wa ku likulu ku Maputo amene sakukudziwa, sanafikeko ku Ulongwe, ndipo adzaliwerenga patapita miyezi itatu. Pamwamba tsiku, nthambi, nambala ya kaisha yako, dzina lako ndi nambala yako ya ntchito. Kenako manambala aja watipatsa, mmene unatsegulira, zimene unalandira ku sefa, zolowa, zotuluka, zimene unabweza, ndi zimene zimayenera kutsala. Pansi pake ndalama zimene unapeza, koma osangoti 179,000. Uzigawe, a 1,000 anali angati, a 500 angati, mpaka zachitsulo. Kenako kusiyana, m'manambala ndi m'mawu. Utchule nthawi imene unaona kuti zaperewera, amene unamuuza poyamba ndi nthawi yake, ndi amene anabwereza kuwerenga.

Zikatha izi, ulembe zimene mwafufuza kale ndi zimene simunafufuze. Mbali imeneyi ndi imene imasonyeza kuti munthu ndi woona mtima. Pomaliza zachilendo za tsikulo, chilichonse ndi nthawi yake, koma popanda kunena kuti ichi ndicho chachititsa. Netiweki inagwa nthawi yanji, inabwera nthawi yanji. Unachokapo pa kaisha kangati, unakiya dirowa kapena ayi, kompyuta unaitseka kapena ayi. Ndipo upemphe m'lipoti momwemo kuti zithunzi za kamera ya pa kaisha yako za tsiku lonse zisungidwe, chifukwa makina a kamera amafufuta zakale okha pakapita nthawi.

Nangozo wa ku Ulongwe: Kagawidwe ndili nako, ndinakopera m'kabuku kanga: a 1,000 anali 112, a 500 anali 94, a 200 anali 60, a 100 anali 55, a 50 anali 30, a 20 anali 40, zachitsulo 200 MT. Koma bambo pali chimodzi chimene chikundiopsa. Pa 400,000 ija ya ku sefa panali mitolo inayi ya a 500 ndi iwiri ya a 1,000. Malamulo athu amati tiziwerenga mtolo uliwonse pamaso pa atezoreru tisanasayine. Ine ndinawerenga inayi, iwiri ya a 500 ndinangosayina chifukwa mzere unali utafika kale panja. Ndilembe zimenezi? Ndikuona ngati ndikudzipereka ndekha.

Mphunzitsi wa ku Domwe: Ine ndikanati musalembe. Munthu sadzitengera yekha ku bwalo. Akafunsa ndiye muyankhe.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Lemba. Kamera inaona kuti unawerenga mitolo inayi. Akazipeza okha pa zithunzi iwe usanatchule, china chilichonse chimene walemba chiyamba kukayikitsa. Ukazitchula wekha, ndi kuphonya ndondomeko, akudzudzula, mwina akulembera chenjezo, koma si kuba. Ndiponso zimenezo zikhoza kukuthandiza. Mtolo umakhala ndi mapepala 100. Mtolo wa a 500 ukakhala ndi 99, ndi 500 yeniyeni ija tinachotsa poyamba. Timalamba ta pepala tomangira mitoloyo unatitaya kuti? Pamakhala chidindo, tsiku ndi siginecha ya amene anamanga.

Nangozo wa ku Ulongwe: Tili m'bini ya pansi pa kaisha. Amayi okonza amabwera 6 koloko m'mawa.

Naphiri wa ku Furankungu: Imbirani atezoreru usiku uno omwe, muwapemphe kuti auze alonda bini imeneyo isakhudzidwe. Ndipo mawa musatsegule nokha, atezoreru akhalepo. Nthawi zina m'bini momwemo mumapezeka silipi yokwinyika kapena pepala la ndalama limene linamatirira ku lamba.

Gogo Nabanda: Ana inu, pepani ndalowerera. Ine mwezi watha ndinakatapa penshoni yanga, pofika kunyumba ndinapeza kuti 200 palibe. Nditabwerera anati mukanawerenga pomwepo. Ndiye lipoti limeneli ndingalembe inenso kuti andibwezere?

Make Tadala: Agogo, iyi ndi nkhani ya wogwira ntchito m'banki, lipoti lake ndi la m'kati. Inu lanu ndi dandaulo, mumakalemba ku nthambi komweko.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Komabe mayi funso lanu silinapite padera. Akanakupatsani zoperewera ndi 200, tsiku limenelo kaisha imeneyo ikanatseka ndi 200 yotsala, ndipo zotsala zimalembedwa ngati mmene zoperewera zimalembedwera. Mukapita, mutenge risiti yanu, mutchule tsiku ndi nthawi, mupemphe kuti aone ngati kaisha imeneyo inatsala ndi ndalama tsikulo. Sindikulonjeza kuti muzipeza, mwezi wapita, koma funso lolondola ndi limenelo.

Mnyamata wa pa Zobwe: Nanga zikapanda kupezeka, amudula malipiro onse? Ndinamva kuti lamulo silola bwana kudula ngakhale metikali imodzi.

Naphiri wa ku Furankungu: Si choncho kwenikweni. Kudula kulipo, koma kuli ndi malire ndi njira yake. Lamulo la ntchito limati zodula zonse pamodzi zisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro a mwezi. Ndipo akafuna kukuimba mlandu wa ku ntchito amayenera kukupatsa kalata yofotokoza mlanduwo, iwe n'kukhala ndi masiku 15 oyankha molemba. N'chifukwa chake mawu aja akuti ndikuvomera kubweza sayenera kukhala mu lipoti loyamba. Lipoti ndi lofotokoza zimene zachitika. Za kubweza ndi pepala lina, limabwera kafukufuku akatha, ndipo musanasayine mukaonane ndi nthumwi ya sindikatu ya ogwira ntchito m'mabanki. Muonenso pa pepala lanu la malipiro ngati pali kandalama kapadera ka anthu a pa kaisha kolipirira zoperewera, mabanki ena amapereka, ndipo kadulidwe kamayendera mgwirizano umene munasayina.

Mphunzitsi wa ku Domwe: Koma kupepesa kokha n'kulakwa? Kwathu munthu akalakwa amayamba ndi pepani. Lipoti lopanda pepani ajerenti aliona ngati mwano.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Pepani akanene ndi pakamwa polowa mu ofesi, ndi ulemu wonse. Pa pepala atseke ndi mawu akuti ndili wokonzeka kuthandiza pa kufufuza kulikonse. Pepala limapita kwa anthu amene sanamve mawu ake, ndipo kwa iwo pepani wolembedwa amawerengedwa ngati kuvomera. Chinanso Nangozo, usayine makope awiri, imodzi ajerenti adinde kuti alandira, tsiku ndi nthawi, ikhale yako. Ndipo mawa ufike 7 isanakwane, upemphe mphindi makumi atatu za masilipi lipoti lisanaperekedwe. Akakana, lemba m'lipoti kuti kuyerekeza zolemba pamanja ndi mndandanda sikunachitike ndipo ukupempha kuti kuchitike.

Nangozo wa ku Ulongwe: Ndamva bambo. Atezoreru ndawaimbira, avomera kuti tikumane 6:30. Ndikalembanso usiku uno. Mugone bwino nonse.

Nangozo wa ku Ulongwe: Mwadzuka bwanji abale. Zapezeka, koma osati zonse. Tinakhala pansi ndi atezoreru, iwo akuwerenga dzanja la kasitomala, ine ndikuchonga. Silipi ya nambala 61, yosungitsa, nthawi 11:42, patangopita mphindi zochepa netiweki itabwerera. Kasitomala analemba 58,500, m'manambala ndi m'mawu. Kuseri kwake ine ndemwe ndinalemba ndi bolopeni yofiira, 50 a 1,000 ndi 17 a 500. Koma makina anadinda 85,500. Manja anga ananjenjemera nditaona. Bambo Phiri, ndi 58 ndi 85 ija munatchula. Timalamba tinatipeza tonse tisanu ndi kamodzi m'bini, atezoreru atiika mu envulopu. 500 ija sinapezeke.

Make Tadala: Mulungu ndi wabwino! Ndinagona ndikukuganizirani asisi.

Mphunzitsi wa ku Domwe: Ndavomera, ndinafulumira dzulo kunena kuti ndalama zatuluka ndi munthu. Zochotsa kaye pepala limodzi sindinkazidziwa. Ndiye basi nkhani yatha, mungokonza nambalayo.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Sinathe aphunzitsi. Tsiku la dzulo linatsekedwa kale, ndipo 85,500 ili mu akaunti ya munthu. Nangozo sangaikhudze yekha, asayese n'komwe. Kubweza cholembedwa kumafuna chilolezo cha ajerenti, ndipo mwini akaunti ayenera kuuzidwa. Iyeyo ali ndi kope yodindidwa 85,500, mwinanso uthenga unalowa pa foni yake ndi nambala yomweyo. Mwayi wako mwana wanga ndi zolemba zofiira zija kuseri kwa silipi, pamodzi ndi dzanja lake ndi siginecha yake kutsogolo. Chizolowezi chimenecho usadzachisiye ngakhale mzere utafika ku msewu. Lipoti wapereka lili bwanji?

Nangozo wa ku Ulongwe: Ndalemba monga munanenera, manambala onse ndi kagawidwe. Kenako ndalemba kuti lero 6:55, ine ndi atezoreru tapeza kuti chosungitsa cha 11:42 chinalembedwa 85,500 pamene silipi ya kasitomala ndi kagawidwe ka kuseri zikusonyeza 58,500, kusiyana 27,000, ndipo amene analemba pa kompyuta ndine. Ndalemba kuti chikakonzedwa, ndalama zoyenera kutsala zikhala 179,500, zopezeka 179,000, ndipo 500 yotsalayo chifukwa chake sichinadziwike. Za mitolo iwiri ija ndalembanso, ndi pempho la kamera. Dzina la kasitomala sindinalembe, ndangoika nambala ya chochitikacho. Ajerenti awerenga, adinda kope yanga, sananene zambiri. Angoti kasitomala amuimbira iwo.

Che Wa Kachewere ku Tsangano: Ndiyankhuleko ngati kasitomala, chifukwa munthu ameneyo akhoza kukhala mnzanga wa pa msika. Ife ambiri tikasungitsa sitiyang'ana pepala, timalipinda n'kuika m'thumba, kuthamangira galimoto. Munthu woona mtima akamuimbira n'kumufotokozera bwino, avomera, amadziwa ndalama zimene anabweretsa. Koma mukangochotsa 27,000 mwakachetechete iye n'kuona pa foni kuti ndalama zatsika, ndiye kuti mwayatsa moto, auza msika wonse kuti banki ikuba. Ndipo wina akhoza kukhala ataona kale uthenga dzulo, n'kutapa zonse usiku pa makina. Pamenepo zimatha bwanji?

Naphiri wa ku Furankungu: Pamenepo ndi povuta. Banki imamulondola kuti abweze chifukwa ndalamazo si zake, koma zimatenga nthawi, ndipo pamene akudikira, 27,000 imakhala yolembedwa pa dzina la wa pa kaisha. Kumene ndinkagwira ine zinkatero. Sindinganene kuti kulikonse n'chimodzimodzi.

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Ine ndinaonapo zonse ziwiri, wina anabweza tsiku lomwelo, wina tinamulondola miyezi. Za 500, pali njira ziwiri zimene ndikuziona. Yoyamba ndi mtolo wa 99 uja, koma popeza mitoloyo unaimasula n'kuigwiritsa ntchito, umboni wake ndi wochepa, lamba amangosonyeza amene anamanga, sasonyeza kuti munali mapepala angati. Ngati sefa itapezeka ndi 500 yotsala powerenga, ndiye kuti yadziwika. Yachiwiri ndi pepala la 500 lolowa pakati pa a 1,000 m'ndalama za kasitomala. Makina akakhala kuti akungowerenga mapepala osayang'ana mtengo wake, amati 50 ndipo iwe umakhulupirira kuti ndi 50,000. Madzulo posanja, pepalalo limapita kwa anzake a 500, ndipo waperewera 500. Chiyambire 2024 pamene ndalama zatsopano zinayamba kuyenda pamodzi ndi zakale, m'mtolo umodzi mumakhala maonekedwe osakanikirana, diso limafunika kuchenjera. Ndalama zakuda zija unkanena, unaziwerenga ndi manja kapena makina?

Nangozo wa ku Ulongwe: Zina ndi manja chifukwa makina amazikana, zina makina. Sindingathe kuloza kuti ndi kasitomala uti.

Mnyamata wa pa Zobwe: Koma 500 yokha asisi, imeneyo ndiye mungoikapo, si ndalama yovutitsa mutu.

Nangozo wa ku Ulongwe: Ndalemba kale mu lipoti achimwene. Akandiuza kuti ndilipire ndilipira, koma kudzera kwa atezoreru, ndi risiti. Panopa ajerenti andiuza kuti kasitomala uja wayankha foni, ali ku munda kupitirira Tsangano, akuti pepala lake liri kunyumba ndipo abwera Lolemba kudzaona yekha silipiyo asanavomere chilichonse. Ndalamazo sanatape. Sefa aiwerenga Lachisanu. Lero andichotsa kaye pa kaisha, ndili kumbuyo kusanja mafayilo.

Gogo Nabanda: Mwana wanga udye kaye, dzulo unagona ndi njala. Bambo Phiri, risiti yanga ija ndaipeza m'Baibulo, ndi ya pa 28. Ndikapita ndikafunse ajerenti kapena mtsikana yemwe uja wa pa windo?

Bambo Phiri a ku Mowatizi: Mukafunse ajerenti mayi, kapena amene amalandira madandaulo. Wa pa windo sangatsegule mabuku a tsiku limene linatsekedwa kale. Nangozo, Lolemba kasitomala akabwera usakayankhule naye wekha, ukhale pambali ajerenti atsogolere, ndipo silipi yeniyeni isachoke m'manja mwa atezoreru, iye aone ali pomwepo. Utiuze za sefa Lachisanu.